Satifiketi ya kosi ya pa intaneti: olemba ntchito amaiona bwanji, ndipo amaitsimikiza motani

Mapepala amene anthu amawatchula ndi dzina limodzi loti satifiketi sanena chinthu chimodzi. Lina limangonena kuti munthuyu anaonera maphunziro onse mpaka kumapeto. Lina limanena kuti analemba mayeso pali womuyang'anira ndipo anakhoza. Lina limanena kuti sukulu yovomerezeka ndi boma yamupatsa dipuloma kapena digiri. Wolemba ntchito wodziwa zinthu sayamba ndi kufunsa ngati maphunzirowo anachitikira pa intaneti kapena m'kalasi. Amafunsa kuti pepalali likuchitira umboni chiyani, ndipo ndani anaona ndi maso kuti mwini dzinali ndi amene anagwira ntchitoyo.

Mtundu woyamba uja ndi umene uli wochuluka m'ma CV masiku ano. Pa Udemy, webusaiti yogulitsa makosi, satifiketi imatuluka munthu akamaliza zigawo zonse za kosi yolipira, ndipo chigawo munthu akhoza kungochichonga yekha kuti wamaliza asanachionere. Udemy imanena yokha kuti si sukulu yovomerezeka yopereka madigiri. Pa Alison, kampani ya ku Ireland imene anthu ambiri kuno amaikonda chifukwa kuphunzira kwake n'kwaulere, munthu ayenera kupeza 80 peresenti pa mayeso, koma mayesowo amalemba ali yekha, mabuku ali potsegula, ndipo akalephera amabwereza. Makosi ena kumeneko amatchedwa `Diploma`, dzina limene limasokoneza anthu ambiri. Kosi yotere imatha m'maola owerengeka, pamene dipuloma imene olemba ntchito ku Malawi amatanthauza pa chidziwitso cha ntchito ndi ya zaka ziwiri kapena zitatu ku koleji. Wofunsira ntchito akaika ya Alison ija pamalo pa dipuloma ya ku koleji, oona makalata amangoichotsa, ndipo ena amayamba kukayikira zonse zolembedwa pa CV yakeyo.

Coursera ndi edX, zimene zinayamba mu 2012, zili pamwambako pang'ono. Makosi ake ambiri amakonzedwa ndi mayunivesite ndi makampani odziwika, ndipo Coursera pa makosi ena imafuna kuti wophunzira aonetse chiphaso chake ndi chithunzi cha nkhope yake asanalandire satifiketi. Koma chitsimikizo chimenechi chimachitika kamodzi, osati pa mayeso aliwonse. Mafunso ambiri amachongedwa ndi kompyuta, munthu amaloledwa kubwereza, ndipo ntchito zolemba zimachongedwa ndi ophunzira anzake. Pa masatifiketi ambiri a Coursera pamakhala mawu ang'onoang'ono akuti `non-credit`, kutanthauza kuti kosiyo siwerengedwa ngati gawo la digiri ya yunivesite imene chizindikiro chake chili pamwambapo. Choncho amene anamaliza kosi ya masabata asanu ndi limodzi yokonzedwa ndi Stanford sanaphunzire ku Stanford, ndipo akalemba dzina la yunivesiteyo m'gawo la maphunziro ake pafupi ndi MSCE ndi digiri, walemba zonama ngakhale satifiketi yake ili yeniyeni.

Pamene pepalali limalemera, ndi pamene sililemera

Kusefa makalata kumayamba ndi zofunika zimene zinalembedwa pa chidziwitso cha ntchito. Ngati analemba kuti akufuna digiri yochokera ku sukulu yovomerezeka, masatifiketi khumi a pa intaneti salowa m'malo mwake. M'boma, m'mabanki ndi m'mabungwe akuluakulu, woona makalata alibe ngakhale mphamvu yosinthira zimenezi, chifukwa giredi ya ntchito ndi malipiro ake zinamangiriridwa ku mapepala a sukulu. Pa ntchito zimene zili ndi bungwe loziyang'anira, monga unamwino ndi udokotala, nkhani imathera pa kaundula wa bungwelo. Kosi ya pa intaneti ikhoza kuwerengedwa ngati maphunziro oonjezera a munthu amene ali kale m'kaundula, ngati bungwelo laivomereza, koma siilowetsa munthu m'kaundulamo.

Satifiketi yomaliza kosi imayamba kugwira ntchito anthu akatsala ochepa ndipo mapepala awo a sukulu akufanana. Apo imauza wolemba ntchito kuti munthuyu amadziphunzitsa yekha ndipo amamaliza zimene wayamba. Chimenechi si chaching'ono: kafukufuku wa makosi a MIT ndi Harvard pa edX, amene anasindikizidwa mu 2019, anapeza kuti mwa anthu 100 olowa kosi m'chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018, pafupifupi atatu okha ndi amene ankamaliza. Komanso imapatsa ofunsa pa intavyu poyambira. Apa ndiye pali msampha, chifukwa kosi iliyonse imene munthu walemba pa CV ndi chilolezo choti amufunse za nkhaniyo. Makosi awiri ogwirizana ndi ntchitoyo, amene mwini wake akhoza kuwafotokoza, amaposa mndandanda wa makosi makumi awiri a nkhani zosiyanasiyana.

Pali malo amodzi pamene kasatifiketi ka maola ochepa kamakhala kofunikadi: pamene lamulo la ntchito limafuna kuti aliyense achite kosi yakutiyakuti. M'mabungwe ochita kafukufuku wa zaumoyo, wogwira ntchito ndi anthu olowa m'kafukufuku amafunika satifiketi ya GCP, ya malamulo a kachitidwe koyenera ka kafukufuku pa anthu, ndipo imakhala ndi nthawi yake, kawirikawiri zaka ziwiri kapena zitatu. Ogwira ntchito ku mabungwe a United Nations amachita kosi ya zachitetezo yotchedwa BSAFE. Mapepala amenewa sapambanitsa munthu pa intavyu, koma popanda iwo sayamba ntchito, ndipo woona mapepala amayang'ana kwambiri tsiku.

Anthu amakonda kutchula zimene Google inanena mu 2020, zoti idzaona masatifiketi ake a ntchito ngati ofanana ndi digiri ya zaka zinayi polemba anthu ntchito zoyambira zogwirizana nawo. Mawuwo ananenedwadi, koma Google inkanena za kulemba kwake kwa ntchito. Sakakamiza banki ya ku Blantyre kapena unduna wa ku Lilongwe. Makosi amenewa ndi olemera kuposa ambiri, poti amatenga miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi munthu akamaphunzira maola khumi pa sabata, koma mayeso ake alibe woyang'anira.

Chitsanzo: munthu walemba CCNA pa CV

Tinene kuti kampani ikufuna woyang'anira netiweki ndipo yalemba kuti CCNA, satifiketi ya za netiweki yoperekedwa ndi kampani ya Cisco, ndi yofunika. Anthu atatu alemba zilembo zinayizi pa CV, ndipo onse atumiza pepala lokhala ndi mawu akuti CCNA.

Woyamba watumiza satifiketi ya Udemy. Pansi pake pali dzina la mphunzitsi, kutalika kwa kosi m'maola, ndi nambala yoyamba ndi `UC-`. Pepalali ndi lenileni, koma Cisco siikulidziwa. Likunena kuti munthuyu anatsatira kosi yokonzekera mayeso a CCNA, basi.

Wachiwiri ndi amene amasokoneza ngakhale oona makalata ozolowera, chifukwa pepala lake lili ndi chizindikiro cha Cisco ndipo baji yake pa Credly, webusaiti yosunga mabaji a maphunziro, yaperekedwadi ndi Cisco. Koma mutu wake ndi `CCNA: Introduction to Networks`. Imeneyi ndi kosi yoyamba mwa makosi atatu a Cisco Networking Academy, iliyonse ya maola pafupifupi 70. Enawo ndi `Switching, Routing, and Wireless Essentials` ndi `Enterprise Networking, Security, and Automation`. Ndi maphunziro abwino, okhala ndi zochita zambiri, ndipo munthu amene anamaliza atatu onse ndi woyenera kumuitana ku intavyu ngati malamulo a kampani alola. Koma ngakhale atamaliza atatu onse, sanakhale CCNA. Zili ngati kalata ya ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto: imasonyeza kuti munthu anaphunzira, koma wapolisi pamsewu amafuna laisensi.

Wachitatu analemba mayeso a Cisco otchedwa 200-301. Mayesowa amatenga mphindi 120, mtengo wake ndi madola pafupifupi 300, ndipo amalembetsedwa kudzera ku Pearson VUE, kaya pamalo olembera mayeso ovomerezeka kapena kunyumba pali woyang'anira pa kamera. Wolembera kunyumba amaonetsa chiphaso, amajambula chipinda chonse, ndipo saloledwa kuchoka pamaso pa kamera. Magetsi kapena netiweki zikathima pakati, mayeso akhoza kuonongeka, n'chifukwa chake ambiri amasankha kupita kumalo olembera. Munthuyu amakhala ndi nambala ya Cisco yoyamba ndi `CSCO`, satifiketi yake imakhala ndi nambala yotsimikizira ndi tsiku lothera, ndipo baji yake imanena za satifiketi yeniyeniyo, osati kosi.

Koma wachitatuyu nayenso sanadutse mpaka tione tsiku. CCNA imagwira ntchito zaka zitatu. Mayeso a 200-301 anayamba mu February 2020, kulowa m'malo mwa akale monga 200-125. Munthu amene pepala lake ndi la 2018 anakhozadi nthawi imeneyo, koma ngati sanalikonzenso, lero alibe CCNA yogwira ntchito. Kwa olemba ntchito ena zimenezi zilibe kanthu bola munthuyo wakhala akugwira ntchito ya netiweki zaka zonsezi. Kwa kampani imene ikupikisana pa tenda yofuna akatswiri okhala ndi masatifiketi amoyo, ndi nkhani yaikulu.

Kusiyana komweku kuli m'ntchito zina. Kosi ya maola 35 yokonzekera PMP, satifiketi ya oyendetsa mapulojekiti, si PMP, ndi chimodzi chabe mwa zofunika kuti munthu aloledwe kulemba mayeso a PMI, bungwe limene limaipereka. Baji yomaliza kosi ya AWS, nthambi ya zamakompyuta ya kampani ya Amazon, si satifiketi ya AWS, imene imafuna mayeso oyang'aniridwa ndipo nayo imatha pakapita zaka zitatu.

Katsimikizidwe kake

Lamulo loyamba n'lakuti PDF kapena chithunzi cha pa WhatsApp si umboni. Kusintha dzina pa PDF kumatenga mphindi zochepa, ndipo sikusiya chizindikiro chimene maso angaone. Umboni ndi tsamba limene lili pa webusaiti ya wopereka satifiketiyo. Opereka akuluakulu onse amasindikiza nambala kapena linki pa pepalapo, motere:

```
coursera.org/verify/NAMBALA
courses.edx.org/certificates/NAMBALA
ude.my/UC-NAMBALA
credly.com/badges/NAMBALA
```

Musadine linki imene ili m'kati mwa PDF, ndipo musadalire kachizindikiro ka QR. Mawu a linki akhoza kuoneka olondola pamene pansi pake akuloza kwina, ndipo QR aliyense akhoza kupanga yake yopita ku tsamba lake. Lembani nokha adiresi, kenako koperani nambala yokha. Tsamba likatseguka, werengani dzina la webusaiti kuchokera kumanja, pamalo pamene pali mzere wopendekera woyamba. Adiresi ngati `coursera.org.example.com/verify/` si ya Coursera. Mwini wake ndi `example.com`, ndipo mawu a kutsogolowo angoikidwa kuti anyenge maso. Kachizindikiro ka loko pa adiresi sikatsimikiza kanthu pa nkhaniyi, poti webusaiti yabodza nayo imakhala nako.

Tsamba lenileni likatseguka, ntchito siinathe. Chinyengo chofala kwambiri si kupeka nambala, koma kutenga satifiketi ya mnzako n'kuikapo dzina lako, nambala n'kuisiya momwemo. Woona mapepala wofulumira amangoona kuti linki yatseguka ndipo pali chizindikiro cha Coursera, n'kuchonga. Yerekezani zinthu zinayi pakati pa pepala ndi tsamba: dzina la munthu, mutu wa kosi liwu ndi liwu, tsiku, ndi amene anapereka. Mutu ndi umene umagwira anthu ambiri. Pa Coursera, maphunziro aakulu amakhala ndi makosi angapo ndipo kosi iliyonse imatulutsa satifiketi yakeyake. Munthu akhoza kumaliza yoyamba yokha, n'kulemba pa CV dzina la maphunziro onse. Satifiketi ya zonse imakhala ndi linki yosiyana, yokhala ndi mawu akuti `professional-cert` kapena `specialization`, ndipo imatchula makosi onse amene ali m'kati mwake.

Pa Credly, pemphani linki ya baji, osati chithunzi chake. Tsamba la baji limasonyeza wopereka, wolandira, tsiku lopereka, tsiku lothera ngati lilipo, ndi zimene munthu anayenera kuchita kuti ailandire. Gawo lomalizali, lolembedwa kuti `Earning Criteria`, ndi limene limasiyanitsa wachiwiri ndi wachitatu m'chitsanzo chija: pena pamalembedwa za kumaliza kosi, pena za kukhoza mayeso. Kumbukirani kuti Credly imangosunga mabaji m'malo mwa opereka. Baji yeniyeni yochokera ku bungwe losadziwika imalemera monga momwe bungwelo likulemerera.

Kwa masatifiketi a mayeso oyang'aniridwa, pitani kwa mwini mayeso. Cisco ili ndi tsamba lolowetsapo nambala yotsimikizira imene ili pa satifiketi, AWS nayo ili nalo, ndipo PMI ili ndi kaundula wofufuziramo dzina. Gawo la `Licenses & certifications` pa LinkedIn lisakupusitseni: mwini tsamba amalemba yekha chilichonse, kuphatikizapo nambala ndi linki.

Dzina limafuna nzeru pang'ono. Pa Udemy dzina la pa satifiketi limachokera pa dzina limene munthu analemba pa akaunti yake, ndipo akhoza kulisintha. Choncho ngakhale tsamba litagwirizana ndi pepala, chimene mwatsimikiza n'chakuti akaunti inayake yokhala ndi dzinali inamaliza kosi. Anthu angapo akhoza kugwiritsa ntchito akaunti imodzi. Mbali ina, dzina losiyana si bodza nthawi zonse. Mayi amene anasintha dzina atakwatiwa, munthu amene analembetsa ndi dzina la kunyumba pamene chiphaso chili ndi la ubatizo, kapena amene anatembenuza dzina loyamba ndi la bambo, onsewa amapezeka kawirikawiri. Njira yachidule ndi kumupempha kuti alowe mu akaunti yake pamaso panu, pa foni yake, n'kukuonetsani tsamba la zimene anamaliza. Musamupemphe pasiwedi.

Linki yosatseguka nayo ili ndi zifukwa zina zosalakwa. Pokopera nambala, anthu amasokoneza `0` ndi `O`, kapena `1` ndi `l`. Baji ya Credly siioneka ngati mwini wake sanaivomereze kapena anaibisa. Makampani ang'onoang'ono ophunzitsa amatsekedwa, webusaiti n'kutha nawo limodzi. Mupatseni munthuyo masiku ochepa kuti atumize linki yolondola kapena imelo yoyamba imene analandira kuchokera kwa wopereka. Amene ali ndi pepala lenileni amachita zimenezi mosavuta.

Pepala likakhala lenileni koma wopereka ndi wabodza

Vuto lovuta kwambiri ndi pamene zonse zikugwirizana, linki ikutseguka, dzina ndi lomwelo, koma sukuluyo kulibe. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula kampani ya ku Pakistan yotchedwa Axact, imene inali ndi mawebusaiti mazana a mayunivesite ongopeka. Ogulitsa madigiri otere amakhala ndi tsamba lawo lotsimikizira, nambala ya foni yoyankha ofunsa, ngakhale bungwe lawolawo lowavomereza. Kufunsa sukulu yotere ngati pepala lake ndi loona n'kungotaya nthawi. Iyankha kuti inde.

Choncho pepala likamanena kuti ndi dipuloma, digiri kapena MBA, funso limapita ku bungwe la boma. Kwa sukulu za m'Malawi, NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, imafalitsa mndandanda wa masukulu ndi maphunziro ovomerezeka, ndipo muziona maphunziro enieniwo chifukwa sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pamene pulogalamu ina yake siinavomerezedwe. Kwa mapepala ochokera kunja, NCHE yomweyo imawaunika. Ofuna ntchito ku South Africa amapita ku SAQA, ku Zambia ku ZAQA, ku Britain ku UK ENIC. Mabungwe amenewa amaunika mapepala amene dziko lochokera limawazindikira ngati maphunziro ovomerezeka, ndipo satifiketi yomaliza kosi yaifupi kawirikawiri siilowa m'gulu limeneli. Mawu akuti `CPD accredited` pa pepala satanthauza kuvomerezedwa ndi boma. Amachokera ku mabungwe apadera amene amaona ngati kosi ndi yoyenera maphunziro oonjezera. Digiri ya pa intaneti yochokera ku yunivesite yovomerezeka, monga UNISA kapena University of London, ndi nkhani ina: imeneyo ndi digiri, ndipo imatsimikizidwa ku ofesi ya kaundula ya yunivesiteyo, mwini pepala atapereka chilolezo.

Zizindikiro za ogulitsa mapepala n'zodziwika. Amapereka digiri m'masabata ochepa potengera zaka zimene munthu wagwira ntchito, mtengo ndi wa pepala lonse osati wa chaka kapena wa phunziro, dzina lawo limafanana ndi la yunivesite yotchuka, ndipo bungwe lowavomereza silipezeka pa mndandanda wa boma lililonse.

Kupereka pepala lonama si nkhani yongochotsedwa ntchito. Ku Malawi, kupanga chikalata chabodza kapena kuchigwiritsa ntchito ukudziwa ndi mlandu. Ku South Africa, lamulo losinthidwa mu 2019 linaika chilango cha chindapusa kapena ndende mpaka zaka zisanu kwa wonama za mapepala ake a maphunziro.

Zonse zikatsimikizika, chotsala ndi chimene linki siingayankhe: kodi munthuyu akudziwa ntchito? Ngakhale mayeso oyang'aniridwa ena amakhoza poloweza mafunso obedwa amene amagulitsidwa pa intaneti. Mphindi khumi ndi zisanu zimakwana kuti mudziwe. Wa CCNA uja mupatseni `192.168.10.0/26` ndi kumufunsa kuti mungalowe makompyuta angati. Yankho ndi 62, ndipo wodziwa amafotokoza chifukwa chake si 64, poti adiresi yoyamba ndi ya netiweki yeniyeniyo ndipo yomaliza ndi youlutsira kwa onse. Kenako muonetseni zotsatira za lamulo ili pa rauta:

```
show ip interface brief
```

Mufunseni kusiyana kwa `administratively down` ndi `down` wamba. Choyambacho chimatanthauza kuti doko linatsekedwa ndi lamulo ndipo limatsegulidwa ndi `no shutdown`. Chachiwiricho chimaloza ku chingwe kapena chipangizo cha mbali inayo. Amene anagwirapo rauta, kaya yeniyeni kapena ya mu Packet Tracer, pulogalamu ya Cisco yoyeserera netiweki, amayankha osaganiza kawiri, ndipo nthawi zina ndi wachiwiri uja, wa makosi a Networking Academy, amene amayankha bwino kuposa wa satifiketi. Zikatero, ngati palibe tenda kapena lamulo la kampani lokakamiza, olemba ntchito ena amamutenga n'kumupatsa miyezi isanu ndi umodzi kuti akalembe 200-301, ndipo amalemba zimenezi m'kalata yomulembera ntchito.